Mndandanda wa madengu okanidwa

Chaka chimene ndinabwerera ku Kasungu, mnzanga wa ku sekondale anandiitana ku kagulu kake kogulitsa madengu ndi mphasa pa intaneti. Oluka ambiri anali akazi a matenanti m'maesiteti a fodya a ku Lisasadzi. Tsamba la msikawo linkatibwezera katundu kawirikawiri, ndipo ine, wodzitama kuti ndimadziwa kompyuta, ndinati ndithana nazo.

Ndinalemba kapulogalamu kowerenga fayilo ya katundu tisanaikweze. Mutu wofotokoza katundu ukaperewera zilembo makumi atatu, kankaika chizindikiro. Malo a kukula, mtundu kapena chopangira, kaya ndi mlaza kaya nsungwi, akakhala opanda kanthu, chimodzimodzi. Kenako kankatsegula chithunzi chilichonse n'kuyeza mapikiselo, timadontho topanga chithunzi. Mbali yaifupi ikalephera kufika chikwi, dzina la dengulo linkalowa pa mndandanda. Kalikonse sikankafufuta. Kankangoloza poyenera kukonza.

Mndandanda woyamba unadzaza ndi madengu a ku Lisasadzi. Sindinadabwe. Amayiwo ankajambula ndi timafoni tobwereka, mumthunzi wa chigafa cha fodya, mutu n'kungolemba kuti "dengu". Katundu wa akazi a aphunzitsi a paboma, wojambulidwa ndi mafoni apamwamba, anadutsa yense.

"Loweruka tipite ndi kamera ndi tepi yoyezera," ndinamuuza mnzangayo.

"Usadandaule, achimwene, ndipita ndekha," anatero.

Ndinamukhulupirira. Munthu amene tinkagawana naye chigumu pasukulu ndikanamukayikira bwanji?

Patapita milungu ingapo, fodya atatha kugulitsidwa, kunabwera mayi wina wa ku Phalombe, mmodzi wa oluka aja. Banja lake linali kubwerera kwawo sabata yomweyo, ndipo madengu ake asanu ndi atatu sakanakwera nawo lole yodzaza kale ndi anthu. Anafuna kudziwa ngati pali limene lapeza wogula. Ndinatsegula tsambalo ali pomwepo. Panalibe ngakhale limodzi. Panalibe la mayi aliyense wa ku Lisasadzi.

Mnzanga uja ku esiteti sanapondeko. Anatenga mndandanda wanga, n'kuchotsa mizere yonseyo m'fayilo, n'kukweza zotsalazo. Amayiwo anangowatumizira uthenga wakuti kompyuta yanga yawakana. Nditamufunsa, anayankha maso ali pa foni: "Si iwe unalemba kuti n'zosakwanira?"

Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ulesi wake anaubisa kumbuyo kwa ntchito yanga, ine n'kukhala woipa kwa anthu amene ndinkafuna kuwathandiza.

Mayiyo sanakalipe. Anamasula nsalu, natulutsa dengu limodzi limene anabwera nalo, naliika pa desiki panga. Linali lolukidwa mothina, mkombero wake wosalala.

"Mwanangu," anatero, "ndangofuna mundionetse pamene makina anuwo anaona cholakwika, kuti kumudzi ndikakonze."

Ndinalitembenuza dengulo mbali zonse, iye akudikira.