Mizere Isanu ya a Mpumiro

Pafakitale yopanga sopo panali bambo wina amene aliyense ankangomutcha a Mpumiro, moti dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso chokha. Poyamba anali mphunzitsi, koma anasiya choko atakangana ndi ahedi chifukwa chokonza chikalata chawo ndi inki yofiira n'kuchikhomanso pabolodi. Kufakitaleko anawapatsa tebulo kuseri kwa chitseko, pansi pa fani imene inkazungulira ikafuna, ndipo ntchito yawo inali yokonza malipoti asanapite kwa mabwana.

Munthuyu analibe chipongwe, koma maso ake ndiwo analibe chisoni. Kalata yoyamba imene akazi awo anawalembera ali pachibwenzi inabwerera ndi zolakwika zisanu ndi ziwiri zozunguliridwa bwinobwino. Mayiwo anakwatiwabe nawo, akuti pofuna kuona kumene zikathere.

Pafakitalepo panali malamulo awiri okhudza a Mpumiro. Loyamba linkati lipoti likangokhudzidwa ndi inki yofiira, ngakhale kadontho, libwerere ku komiti, ndipo komitiyo inkakumana kawiri kokha pachaka. Lachiwiri linkati mnzawo akafunsa za chiganizo, a Mpumiro ayankhe pakapepala ka mizere isanu basi. Lamulo limeneli linabadwa chaka chimene analemba masamba asanu ndi anayi pofotokoza za mpatuliro umodzi, bwana wamkulu n'kudwala mutu kwa masiku awiri.

Panalinso lamulo lina limene akazi awo ankalidziwa pamtima kuposa Atate Wathu: wogwira ntchito akakwanitsa zaka makumi atatu ali pantchito, nyumba ya kampani imene akukhalamo imasanduka yake. A Mpumiro anali atatsala ndi miyezi isanu. Mayi anali atadzala kale mapapaya kuseri, atapakanso chitseko penti yobiriwira.

Tsiku lina Lachiwiri m'mawa kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene anali mlembi wa komiti. Mlamuyu ndi a Mpumiro omwewo amene anamupezera ntchito, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala akumubwezera malipoti ofiira ngati tebulo la m'butchala. Tsiku limeneli anabwera thukuta lili kamukamu, n'kuika lipoti patebulo pamodzi ndi kapepala ka mizere isanu.

"Alamu, tandionerani chiganizo cha patsamba lachitatu. Ndikuchikayikira kwambiri. Kwambiri zedi."

A Mpumiro anapukuta magalasi n'kuwerenga: "Popeza makompyuta ayamba kugwira ntchitoyi, udindo wa wokonza malipoti sukufunikanso, ndipo uthetsedwe pakutha pa mwezi uno."

Anawerenganso kachiwiri. M'maganizo anaona chitseko chobiriwira chili m'manja mwa munthu wina. Koma pansi pa mantha amenewo panatumphuka chinthu china chochititsa manyazi, ndicho chimwemwe. Chiganizocho chinali chokongola.

"Walemba wekha chimenechi?"

"Mabwana anandiuza zoti ndilembe, ine n'kungolemba. Koma alamu, taonetsetsani. Komiti ikumananso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mwandimva? Isanu ndi umodzi. Kadontho kamodzi kokha."

"Palibe polakwika."

"Palipo! Wokonza malipoti si munthu kodi? Ndiye bwanji ndalemba kuti sukufunikanso? Ndikanati sakufunikanso."

"Chimene sichikufunika ndi udindo, osati munthu."

"Nanga mpatuliro uwu? Sukuoneka wopindika?"

"Mpatuliro umakhala wopindika."

Mlamu uja anavula chivindikiro cha cholembera chofiira, n'kuwafumbatitsa m'dzanja ngati mmene amachitira ndi mwana woyamba sukulu. "Chabwino, musakonze kanthu. Ingoyetsemulani mutachigwira. Ine ndiyang'ana kumbali."

A Mpumiro anamuthamangitsa, koma nkhani inali itawanda kale. Pofika nthawi ya tiyi, fakitale yonse inali ikusaka cholakwika. Mayi wophika tiyi anati mawu oti "popeza" ndi amwano, sayenera kulembedwa kwa akuluakulu. Mlonda wapageti anabwera atavula chipewa, nati kwawo chiganizo chopitirira mawu khumi amachiyesa bodza. Dalaivala wa lole anadzipereka kuliponda lipotilo ndi tayala, koma anamukumbutsa kuti tayala si inki yofiira. Wina wa kumakina anayenda mtunda wonse kuchokera kumene amadulira sopo kudzangonena kuti iye chiganizocho sakuchikonda nkhope.

Masana foni inalira. Anali akazi awo, ndipo zinaonekeratu kuti mng'ono wawo wawafikira kale.

"Abambo, ndamva. Inu munapeza zolakwika zisanu ndi ziwiri m'kalata yanga ya mizere inayi. Lero mukulephera kupeza chimodzi?"

"Yanu ija zinalimo, mayi."

"Ndiye chipangeni! Zaka zonsezi mwadyetsa ana ndi zolakwa za anzanu, lero mukufuna kutigoneka panja ndi zolondola?"

A Mpumiro anaika foni pansi. Sikuti nyumbayo sankaifuna, ayi. Ankaifuna mpaka misozi inalengeza. Anatenga lipoti lonse n'kuyamba kuliwerenga kuchokera pachikuto, mawu amodziamodzi, chala chikutsata mzere, akupemphera kuti mlamu wawo akhale ataphonya penapake monga mwa masiku onse. Analiwerenga ngakhale chobwerera m'mbuyo. Masamba khumi ndi awiri, osapezamo ngakhale chilembo chimodzi chosochera. Mwana uja anali ataphunzira, ndipo anasankha tsiku loipa loti aonetsere.

Cholembera chofiira chinaima pamwamba pa tsamba lachitatu kwa nthawi yaitali. A Mpumiro anaganiza za anthu onse amene anawabwezera malipoti, ena akulira, ena atatsala pang'ono kukwezedwa, ndipo iwo ankauza onsewo mawu amodzimodzi, oti inki yofiira sinama. Akainamiza lero, ndiye kuti zaka zonsezo ankangozunza anthu. Anavindikira cholemberacho, natenga cha buluu, nalemba pakapepala kaja:

"Alamu, chiganizo chili bwino. Mwininkhani ndi 'udindo', dzina la m'gulu la U-Ma, choncho 'sukufunikanso' ndi 'uthetsedwe' akugwirizana nalo. 'Sakufunikanso' akanaloza munthu. 'Ayamba' akugwirizana ndi 'makompyuta'. 'Popeza' akuyambitsa nthambi yopereka chifukwa, ndipo mpatuliro waima pamene nthambiyo yathera. Osasintha kanthu. Wakhoza."

Inakwana mizere isanu ndendende. Mawu otsirizawo anali asanawalemberepo munthu aliyense chilowereni pafakitalepo, ndipo anawayang'ana kawiri kuti aone ngati awalemba molondola.

Mlamu uja atawerenga anakhala pansi pa simenti, n'kuyamba kulira ngati pamaliro. A Mpumiro sanadziwe ngati akulirira nyumba ya achemwali ake kapena mawu aja, ndipo sanafunse. Anangomuuza kuti adzuke, akudetsa buluku.

Ataweruka anayenda wapansi pang'onopang'ono, osawerenga ngakhale chikwangwani chimodzi cha m'njira. Anapeza akazi awo atakwera pampando pabalaza, akumasula makatani. Mayiwo sanatembenuke.

"Ndiye chinali bwino ndithu?"

"Chinali bwino, mayi. Mng'ono wanu uja tsopano amalemba."

Mayi anaponya nsalu paphewa. Kenaka anapukuta m'maso ndi ngodya ya katani.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mukumuphunzitsa kuti adzatitulutse m'nyumba mopanda cholakwika," anatero. "Tagwirani mpandowu, ndingagwe."

A Mpumiro anaika chikwama pansi n'kugwira mpando ndi manja onse awiri.