Pomwe Mpweya Unawathera Mlendo Wolemekezeka

Pa 14 Ogasiti 2023, a Lodwick Masiye a ku Lifuwu anachotsedwa pa ntchito yomwe anaigwira zaka zambiri, pa mlandu wosakhala wawo.

Chipumireni pa uphunzitsi, iwo ndi amene ankakonza zolankhula za akuluakulu obwera ku sikimu ya mpunga. Mapepala akafika kuchokera ku ofesi ya boma, ankaimirira pakhonde n'kumawerenga mokweza. Pomwe mpweya wawathera, ankadula chiganizo. Manambala ankawalemba m'mawu, ndipo sankalola chiganizo kudumphira tsamba lina.

Ulendo uno kunkabwera mkulu wa ku unduna wina. Pa zomwe anamulembera panali chiganizo chotalika mizere isanu ndi umodzi. A Masiye anachiphwanya, nalemba kuti: "Alimi asavutikenso ndi madzi. Boma likufuna zimenezo."

Koma wina ku ofesiko anasindikiza pepala lakale lija. Mlendoyo anawerenga mpaka mawu anayamba kuuma, nafika pansi pa tsamba akuti, "boma silikufuna alimi a kuno ku Lifuwu." Apo anapuma, nanyambita chala kuti atembenuze. Mawu oti "azivutika ndi madzi" anali kuseri.

"Ndiye mwadzatani kuno, bwana?" anakuwa mayi wina kumbuyo, anthu n'kuyamba kung'ung'udza.

Madzulo ake a Masiye anauzidwa pafoni kuti asadzakhudzenso zolankhula za boma. Palibe anawafunsa kanthu. Mpaka lero akudikira kuti ofesiyo iwayankhe: anasindikiza pepala losakonzalo ndani?