Kugunda kwa Mipopi ya Akamwini

Nyumba imene ndinamanga nditapuma ntchito ya uphunzitsi ili pamalo otsika, m'munsi mwa mapiri a Chipata. Madzi a m'mipopi kwathuko amatha kusowa tsiku lathunthu, koma akabwerera amafika ndi ukali, ngati munthu wochedwa pa ulendo. Mapaipi a nyumbayo ndinayala ndekha ndi manja angawa. Anali achitsulo, oyenda kunja kwa khoma la khitchini, ndipo ndinawakoleka pa misomali yopinda. Mlendo aliyense ndinkamuzungulitsa kuseri kuti akaone ntchitoyo, afune asafune.

Mwana wathu wamkazi wotsiriza anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Nabvutika, wowotcherera zitsulo. Anali munthu wofatsa, wa manja a zipsera. Abale anga ena sanamulandire ndi mtima wonse, chifukwa alamu ake onse anali a m'maofesi, ndipo pamisonkhano ya banja iye ankakhala kumapeto kwa benchi. Tsono tsiku lina ife tili kutchalitchi, anabwera ndi mkazi wake, nachotsa mipopi yathu yakale yopotokola, naikapo yatsopano yonyezimira, ya kachigwiriro kongokankha ndi chala. Iyi inali mphatso yake yoyamba kwa apongozi. Mkazi wanga ataiona analulutira, nayitana anansi.

M'mawa mwake madzi anafika. Mkazi wanga anadzaza ketulo, nakankha kachigwiriro kaja, ndipo khoma lonse linati gu! ngati wina walimenya ndi nyundo. Mbale zinalira pa shelefu. Galu anathawira kumsewu.

"Abambo, kodi ndani ameneyo?" anandifunsa, dzanja lili pamtima.

Tsoka langa linali lakuti yankho ndinkalidziwa bwino lomwe. Ndili pasukulu ya mishoni, kumtsinje kunali makina okweza madzi opanda injini, amene ankagunda usana wonse. Wansembe wina wokonda zitsulo anatiphunzitsa chinsinsi chake. Madzi oyenda m'paipi ndi olemera, ndipo safinyika ngati mpweya. Ukawatsekera njira mwadzidzidzi, mphamvu ya liwiro lawo imasowa kolowera, choncho imamenya chotsekeracho ndi kubwerera m'mbuyo m'paipi monse. Makina aja ankagwiritsa ntchito kumenya komweko pokankhira madzi kuphiri. Mipopi yathu yakale inkatseka pang'onopang'ono, chifukwa unkayenera kupotokola kangapo, madzi n'kumachepa liwiro mwaulemu. Yatsopanoyi inkadula madzi kamodzin'kamodzi. Wolakwa ndinamudziwa nthawi yomweyo: inali mphatso ya akamwini.

Koma mpongozi sayankhula ndi mkamwini ngati mnzake wa pabawo. Kwathu kuno timapatsana njira, sitidyera mbale imodzi, ndipo mawu amadzera mwa mwana. Ndikanatumiza uthenga wakuti mipopi ija yabweretsa phokoso, ukanafika kwa iye utadutsa m'makutu a abale aja, ndipo munthu amene anali atangoyamba kudzutsa mutu akanaweramanso. Ndinatsimikiza mtima kuti asamve kanthu.

Choncho ndinakhazikitsa lamulo m'nyumba: mpopi uzitsekedwa pang'onopang'ono, monga momwe munthu amatsekera chitseko cha chipinda cha wodwala. Lamulolo linali lolondola, pakuti ukabweza kachigwiriro mofatsa, paipi inkangokhala chete. Chovuta chinali anthu. Mkazi wanga ankakumbukira pokhapokha ine ndili pafupi. Amayi a mumphakati akabwera kudzapemphera, ine, munthu amene ndinaphunzitsa ana a anthu zaka zonse zija, ndinkaima pakhomo la khitchini ndi buku la nyimbo m'manja, kuyang'anira zala za amayi a eni ake. Wina akatambasula dzanja, ndinkati, "Pepani mayi, ndikutsekereni." Mbiri inamveka kutchalitchi yakuti aphunzitsi akale aja ayamba kukaniza madzi.

Ngakhale ndinalondera chotere, kugundako sikunathe. Ndikapita kumunda wathu wa mtedza, pobwera ndinkapeza msomali wina wagwa pansi. Kenaka ndinaona kuti pa chigongono cha paipi, pamene imakhotera kulowa m'khoma, payamba kutuluka thukuta. Ndinamangapo mphira wa chubu cha njinga, ndipo kutsogolo kwake ndinaimikapo chitini cha maluwa. Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi maluwawo ndi oti paipi isangalale?"

"Ndi okongoletsa, amayi."

"Inu mukamati okongoletsa, ine ndimayamba kusonkhanitsa zidebe."

Chimene chinandigwetsa ndi mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, amene amalima ku Madzimoyo. Iyeyu ndi ine timanyozana kuyambira tsiku limene ndinakafunsira mbeta, monga alamu achitira, ndipo sanagonjepo. Anabwera kudzacheza Loweruka, ndipo Lamulungu lake mwana wathu anafikanso ndi mwamuna wake. Akamwini anakhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, chapatali, atayang'ana kumbali. Ine ndinakhala pakhonde. Tinapatsana moni kudzera mwa mwana, tonse tikuwomba m'manja. Madzi tsiku limenelo anali atabwera ndi mphamvu yawo yonse.

Nditamva mpopi ukutsegulidwa m'khitchini, ndinanyamuka mofulumira kuposa msinkhu wanga. Ndinapeza mlamu akutsuka tomato.

"Alamu, mukamaliza mundiuze, nditseka ndine."

"Iii, mwamuna wanga, mwakalamba mpaka kusanduka mlonda wa mpopi? Akupatsani yunifolomu?"

"Ndikupemphani, mutseke mofatsa. Kunjaku kuli alendo."

"Mofatsa bwanji? Chonchi?"

Anakamenya ndi chikhatho kachigwiriro kaja. Khoma linati gu! Mlamu anaseka mpaka kugwira sinki.

"Kodi muli ndi ng'oma m'nyumba osandiuza? Taimani ndivine."

Anatsegula, natsekanso. Kachitatu kake sikanamveke ngati poyamba. Kunja kunamveka chitini chikugubuduka, kenaka mkokomo wa madzi. Nditatuluka ndinapeza chigongono chija chathetheka, madzi akuthamanga m'mwamba ngati kasupe, maluwa anga ali m'matope. Ndinathamangira pomwepo n'kugwira ndi manja onse awiri, ngati kuti munthu angabweze madzi ndi zikhatho. Jekete langa la kutchalitchi linanyowa, tayi inamatirira pachifuwa, magalasi anagwa. Amene anakumbukira kukatseka chotsekera chachikulu cha pa mita ndi akamwini. Atatseka anabwerera pansi pa mtengo paja, nakhala, maso ali pansi.

Mwana wanga anaima pakati pathu, manja m'chiuno.

"Atate, zimenezi zayamba liti?"

Ndinayankha kuti mapaipi achitsulo amakalamba ngati eni ake.

"Abodza," anatero mlamu pawindo. "Akulu anga andiuza zonse. Chiyambire tsiku la mipopi yatsopano, alamuwa sakhala pansi. Akuopa kuti akamwini angachite manyazi."

Ndinafuna nthaka itseguke. Koma mwana wanga anayamba kuseka, kuseka kwa munthu wotopa, natembenukira kwa mwamuna wake.

"Inu, mwamva? Tsopano ndinene zanu?"

Akamwini anapukusa mutu, koma iye anapitiriza.

"Atate, awa anamva kugundako tsiku lomwe ankaika mipopi, poyesa madzi asanathawe. Anaona kuti paipi yanu ikungolendewera pa misomali, ndiye ikagwedezeka imamenya khoma. Anagula timalamba tachitsulo tomangira, tili m'chikwama chawo mpaka lero. Ndikati tiyeni tikamange, amati, 'Ndingakonze bwanji ntchito ya apongozi, imene amaonetsa alendo? Ndiye kuti ndikuwauza kuti sadziwa.' Ine ndiye ndakhala ndikudya nkhani imeneyi m'mawa ndi madzulo."

Ndinaima pamenepo madzi akudontha m'manja a jekete. Ine ndinkabisa kulakwa kwa mipopi yake, iye ankabisa kulakwa kwa misomali yanga, ndipo tonse awiri tinali olondola. Mpopi wotseka msanga ndiwo unkayambitsa nkhonya, paipi yomasuka ndiyo inkaikuza. Ulemu wathu tonse unathera pa chigongono chimodzi cha chitsulo.

Ndinakonza kukhosi, ndi kuyankhula monga mkulu.

"Mwanawe, uwauze akamwini kuti mipopi yawo ndi yabwino, ndipo sichoka m'nyumba muno. Uwauzenso kuti misomali ija ndinaika mongoyembekezera."

"Mongoyembekezera chiyambire mwana uyu ali kusukulu?" anafunsa mkazi wanga ali m'kati, kumene anabisala chifukwa cha mkamwini.

Akamwini anawomba m'manja, nayankhula motsitsa, akuyang'ana mkazi wawo.

"Uwauze atate kuti paipi anaiyala mowongoka bwino. Ingofunika kuigwira."

Tinagwira ntchitoyo mawa lake, ndipo mwambo sitinauphwanye. Iye anali kunja, kuika chigongono chatsopano ndi kukhomera timalamba tija m'khoma motalikirana pang'ono. Ine ndinali m'kati, pansi pa sinki, khoma lili pakati pathu. Mwana wathu anaima pawindo kunyamula mawu ndi sipanala. Ndinapempha kudzera mwa iye kuti pafupi ndi mpopi tiikepo kapaipi kakafupi koimirira, kotseka pamwamba, kuti m'kati mwake mutsalire mpweya. Madzi akaimitsidwa mwadzidzidzi amakankha mpweyawo, ndipo popeza mpweya umafinyika, nkhonya ija imafera pomwepo. Yankho linabwera pawindo lakuti akamwini anali ataganiza zomwezo, koma ankadikira kuti zichokere kwa akulu. Anawonjeza kuti mpweyawo umatha pang'onopang'ono m'madzi, ndiye kugunda kukadzayambiranso tidzatseke pa mita, titsegule mipopi yonse kuti mapaipi akhuthuke, mpweya ulowenso.

"Uwauze kuti zimenezo ndikuzidziwa," ndinatero.

"Akuti akudziwa kuti mukudziwa," anatero mwana wanga. "Ine ndatopa. Pali bowo la paipi apo, bwanji osangoyankhulana?"



Titamaliza tinayitana mlamu kuti ayese, popeza ndiye anali ndi dzanja loyenera. Anatsegula mpopi mpaka kumapeto, naumenya ndi mphamvu zake zonse. Kunangomveka kakugogoda kakang'ono, ngati nkhuku yajompha chitseko.

"Mwaiwononga," anatero mokhumudwa. "Inali ndi mawu abwino."

Pamsonkhano wa banja wotsatira, mkulu wanga anadandaula kuti kwake mapaipi akugunda chiikire thanki yatsopano. Ndinamuuza pamaso pa onse kuti m'banja mwathu muli mmisiri amene anachiritsa nyumba yanga, ndipo ndinaloza kumapeto kwa benchi, koma osayang'anako. Anthu anasendera, namupatsa malo pakati.