Tebulo la a Mainess pa Dzuwa

Mukalowa mumsika wa Kafue kuchokera kumbali ya njanji, mudzamva makina osokera musanawaone. Amenewo ndi a Mainess Mbewe, mayi wa zaka zopitirira makumi anayi, wamfupi, wamapewa otambalala, amene salankhula popanda mapini atatu kapena anayi pamilomo. Ine ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pafupi nawo, ndipo ndawaonapo akukangana ndi kasitomala mpaka kumugonjetsa, pini osagwa ngakhale imodzi.

Makolo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Iwo anasiya sukulu ali mtsikana chifukwa cha pathupi, nalowa ntchito yosoka. Atelala ambiri a m'tauni muno anaphunzirira pa makina awo. Koma pamene malo ena ophunzitsa ntchito zamanja anafuna mphunzitsi wa zosoka, anawauza kuti abweretse satifiketi ya giredi 12. Manja amene asokera theka la Kafue mayunifomu anafunsidwa pepala! Ine zinandipsetsa mtima kuposa eni ake. Iwo anangolavulira mapini m'dzanja nati, "Nizaibweletsa."

Maphunziro ena onse a giredi 12 anawakhoza pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Chinatsala Chingelezi, ndipo malo aja anali oti awasungira chaka chino chokha. Choncho Loweruka lililonse ankatseka shopu masana n'kupita kukalasi ya akuluakulu ya a Gordon Hamoonga, aphunzitsi opuma pa ntchito, munthu wabwino koma wouma pa malamulo ngati chingwa cha dzana.

Chimene chinkawasautsa a Mainess sichinali mawu aatali ayi. Tinali timawu titatu, a, an ndi the, toti uike m'mipata yosiyidwa m'ziganizo. Chichewa chathu chilibe tizinthu timeneti ndipo palibe amene anafapo chifukwa chosowa timawu timeneti. Poyamba ankangothira the paliponse ngati mchere. A Hamoonga anawafotokozera kuti chinthu chimodzi chowerengeka ukachitchula koyamba umati a, ukachibwereza poti nonse mwachidziwa umati the. Mtsinje umatenga the, monga the Kafue River, koma Lake Kariba imayenda yokha. Ndipo mipata ina, monga patsogolo pa water pamene ukunena madzi wamba, siifuna kanthu, umangolemba kamzere. Apa a Mainess anavutika, pakuti telala akaona bowo dzanja limayabwa.

Koma za a ndi an anazigwira tsiku limodzi. Anali atalemba an uniform, poona chilembo cha u. Aphunzitsi anati asayang'ane chilembo, amvere kamvekedwe koyamba ka mawuwo: uniform imayamba ngati "yu", choncho ndi a uniform, hour h wake samveka, choncho ndi an hour. Khutu ndilo limaweruza, osati diso. Kuchokera tsiku limenelo a Mainess ankatchula chiganizo chilichonse pakamwa asanadzaze mpata. Ndinkawamva kuseri kwa mulu wanga wa majekete, makina akulira, iwo akung'ung'udza, "an umbrella, a university," mpaka makasitomala ena ankaganiza kuti akupemphera.

Tsiku la mayeso oyeserera linafika. A Hamoonga anali ndi mwambo wawo: wolephera mayeso amenewa, kapena wogwidwa akulankhula, samulembetsa mayeso enieni kudzera m'kalasi yawo. Ine ndinawaperekeza, ndinali ndi mabulangete oti ndikapereke chakomweko, ndipo ndinakhala pakhonde pomwe zenera linali lotsegula.

Sipanapite nthawi ndinamva kung'ung'udza kuja. A Hamoonga anayenda pang'onopang'ono naima pambali pawo.

"Ba Mbewe, mukamba na ndani?"

"Nikamba na khutu yanga, ba ticha."

Kalasi inaseka, koma aphunzitsi sanaseke. Anati mayi wokhala pafupi, a Fridah ogulitsa nsomba za ku Chanyanya, akumva zonse, ndipo kumeneko ndi kuuzana mayankho. Anatambasula dzanja kuti atenge pepala. A Mainess analipsinja ndi chigongono monga amachitira ndi nsalu mphepo ikaomba.

"Ndimwe munakamba ati khutu ndiye iweluza. Manje khutu izamvela bwanji vamene kamwa sinakambe?"

"Rule ni rule, amai. Mu exam room simukamba munthu."

"Mu room?"

"Mu room."

A Mainess anaimirira. Ine ndinati basi, chaka chapita, ntchito yapita. Koma iwo analuma pepala pamilomo, bolopeni kuseri kwa khutu, nanyamula tebulo lonse. Linakakamira pachitseko, analipendeketsa, linatuluka. Anakaliika pakati pa bwalo, padzuwa la Okutobala, kutali ndi mtengo uliwonse kuti wina asadzanene kuti mayankho anali pa khungwa. Anabwerera kudzatenga mpando nati, "Apa si mu room. Muniyangane pa windo. Kuchoka sinizachoka."

A Hamoonga anaima pakhomo. Ndinaona kuti akulimbana ndi lamulo lawo lomwe. Kenaka anayang'ana wotchi nati nthawi sawawonjezera, ndipo tsiku la mayeso enieni kulibe wonyamula tebulo. Kumeneko milomo ikadzangogwedera, adzawatulutsa.

"Iyo nizaona ine," anayankha a Mainess.

Ndiye analemba, akufuula ziganizo zawo momasuka, thukuta likudontha pachibwano. Sitima ya katundu inadutsa ndi phokoso lake, iwo anangokweza mawu. Ndinafuna kukawagwirira ambulera, anandithamangitsa ndi dzanja osandiyang'ana n'komwe. Ndinawanyadira, ndipo ndinalira pang'ono, ngakhale ndinauza a Fridah pambuyo pake kuti linali fumbi.

Funso lomaliza ndinalimva bwino chifukwa analibwereza. "She went back to school." Anayesanso ndi the, naima. Aphunzitsi anali atawauza kale kuti the school ndi nyumbayo, kumene aliyense angapite ndi zifukwa zake, koma wopita kukaphunzira amapita to school basi. A Mainess apita kusukulu zambiri za m'tauni muno ndi tepi m'khosi, kukayeza ana a eni ake, n'kutulukira pageti belu likamalira. Anayang'ana mpatawo, dzanja lija loyabwa lili m'mwamba, kenaka analemba kamzere.

Anakhoza, ngakhale osati mochititsa kaso. Lake Kariba anaiveka the, ndipo a Hamoonga anaizunguliza ndi inki yofiira kawiri. Koma dzina lawo linalembetsedwa.

Mayeso enieni sanafike. Masiku ano kuseri kwa majekete anga sikumvekanso kung'ung'udza. Dzulo ndinasuzumira, ndinapeza buku lili potsegula pambali pa makina, a Mainess ataluma pini imodzi yaikulu, milomo ili duu, pakhosi pokha pakugwedera. Akudziphunzitsa kutchulira mawu m'kati. Ndinawafunsa ngati woyang'anira mayeso adzalola pini m'kamwa.

Anaichotsa, naiyang'ana, nandiyang'ana ine.

"Akaniletsa pini nizaluma lilime. Koma pa geti sinizaimililako futi."