A Kefasi, Kapitawo Wakale, ndi Ntchito ya Rozi ya pa Foni

A Kefasi Mbewe amakhala kuseri kwa chigayo pa Kamwendo. Mukawapeza lero akumata machubu a njinga za kabaza, magalasi atamangidwa ndi ulusi, simungakhulupirire kuti bambo ameneyu ankasamutsa midzi ndi pakamwa pokha. Ine ndine mmodzi wa osamutsidwawo, choncho ndili ndi ufulu wowanena. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye mukapeza polakwika muzingodumpha ngati chithaphwi.

Mu 1984 anabwera kwathu ku Phalombe ndi lole ya esiteti ya fodya, atavala jekete dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anali kapitawo, ntchito yawo kusaka matenanti. Anaima pamwamba pa lole nkulengeza kuti ku Mchinji nyumba ndi zamalata, nyemba sizitha, ndipo tenanti akatha zaka ziwiri amagula njinga ndi wailesi tsiku limodzi. Tinakwera mabanja khumi ndi anayi. Titafika tinapeza malata aja ali pa ofesi ya bwana pokha. Ife anatipatsa zikwanje nkutilozera kotema mitengo. A Kefasi ndinawada zaka zitatu. Chaka chachinayi mkazi wanga atadwala ali ndi pakati, ndi iwo amene anamunyamula pa thirakitala mpaka kuchipatala, ndipo chidani chinathera pomwepo. Kuwatonza kokha ndiye sindinasiye.

Esiteti itatsekedwa sanabwerere kwawo ku Kapondo. Anaphunzira kukonza njinga, analowa mpingo, anaika mkazi wawo m'manda, ndipo masiku ano akuti akulapa mabodza awo chubu chimodzichimodzi. Foni yawo ndi ya mabatani, yomanga ndi labala. Za Fesibuku amangomva kwa anyamata a kabaza.

Tsono ndili ndi mdzukulu, Rozi, amene ndinamulera makolo ake atamwalira. Ali ndi dipuloma ya zaulimi, koma amagulitsa mbewu ndi feteleza mu shopu ya mayi Eliza, pafupi ndi siteji ya minibasi. Ntchito imeneyi anaisaka zaka ziwiri, ndipo ndi imene imatidyetsa tonse pakhomo. Pa tsamba lake la Fesibuku analemba maphunziro ake onse ndi mawu akuti akufuna ntchito ya ulangizi.

Lolemba lina anabwera kunyumba akumwetulira yekhayekha.

"Agogo, ndikuuzeni kanthu, koma musauze munthu."

"Ine? Ndinayamba ndaululapo chiyani?"

Anandiyang'ana kanthawi, komabe anandiuza. Kunabwera uthenga pa tsamba lake kuchokera kwa mayi wina wovala suti, akuti ndi wolemba anthu ntchito ku Mphukira, kampani ya mbewu. Mayiyo anati waona maphunziro a Rozi ndipo akumufuna akhale mlangizi wa alimi, njinga yamoto yakeyake, malipiro kuwirikiza kanayi a kwa mayi Eliza. Anamuuza kuti asamukire pa WhatsApp, anamufunsa mafunso anayi polemberana, ndipo pomwepo anati wapambana. Chotsala chinali kutumiza chithunzi cha chiphaso chake cha unzika, kulipira ya kuyezedwa kuchipatala pa foni, ndi kusiya ntchito yakaleyo pofika Lachisanu. Malo akuti anatsala awiri. Ndipo asauze aliyense, poti ansanje ndi ambiri.

Kalata yosiyira ntchito anali atailemba kale, ili m'chikwama.

Chinsinsi chija ndinachisunga usiku wonse. M'mawa ndinangouza a Kefasi okha, kungoti pamalo pawo panali anyamata a kabaza asanu ndi mmodzi, ndipo ine mawu anga ndi a m'munda.

"A Kapitawo, mdzukulu wanga azikudutsani pa njinga yamoto. Muyambiretu kuphunzira machubu akuluakulu."

Sanaseke. Anaika chubu m'beseni nkufunsa kuti ntchitoyo waipeza bwanji. Nditafotokoza anapukuta manja pa thalauza.

"A Timoteyo, tiyeni ku shopu."

Tinampeza Rozi ali yekha, mayi Eliza atapita ku Boma kukatenga katundu. Atationa awirife limodzi nkhope inagwa.

"Agogo, ngakhale tsiku limodzi?"

"Usawakalipire, mwanawe," anatero a Kefasi. "Pakamwa pa agogo akowa ndi chitseko chopanda loko, tonse tinazolowera. Ine ndingofunsa. Mayi wakoyo wakuona ndi maso?"

"Ayi, timangolemberana. Masiku ano ndi mmene zimakhalira, agogo a Kefasi."

"Mawu ake wawamva?"

"Akuti amakhala m'misonkhano."

"Ine ndinalemba anthu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo sindinalembepo munthu ndisanaone m'manja mwake. Agogo akowa ndinatsala pang'ono kuwasiya, manja ngati a kalaliki."

"Bodza limenelo," ndinatero ine.

"Chachiwiri," anatero a Kefasi. "Ndinkanama, inde, afunse awa. Koma palibe tenanti analipirapo kuti akwere lole yanga. Wofuna wantchito ndiye amathira mafuta. Ukamva wolemba ntchito akuti yamba ndiwe kupereka, dziwa kuti ntchito yake ndi yomweyo, yolandira kwa iwe."

Rozi anati nthawi zinasintha, makampani ali ndi malamulo awo. A Kefasi anangogwedeza mutu.

"Zoti malo atsala awiri, amenewo ndi mawu anga enieni. Ndinkati lole inyamuka 2 koloko, malo atsala awiri. Ukudziwa chifukwa chake? Kuti munthu asapeze mpata wokafunsa amalume ake. Lole ija inkagona pomwepo masiku awiri."

Apa ndinakumbukira mmene ndinathamangira ndi mphasa pamutu, mbuzi yanga nditaigulitsa motchipa, ndipo ndinafuna kuwamenya ndi thumba la feteleza.

"Koma bodza langa linali ndi geti," anapitiriza. "Munthu ankatha kubwera pa esiteti nkufunsa mlonda ngati Kefasi amagwiradi ntchito pamenepo. Mayi wakoyu geti lake lili kuti?"

"Anandipatsa nambala ya ofesi."

"Wakupatsa ndi iye. Ukaimba ayankha mlamu wake. Ndikufuna nambala imene sinadutse m'manja mwake."

Rozi anatembenuka, nkutsitsa paketi ya mbewu ya chimanga ya Mphukira pa shelefu. Amagulitsa mapaketi amenewo tsiku lililonse. Kumbuyo kwake, pansi pa malangizo a kabzalidwe, panali nambala ya likulu la kampaniyo. Anaimba atakweza mawu a foni kuti tonse timve, ndipo ndikukhulupirira ankafuna kutichititsa manyazi nkhalamba ziwirife.

Anamulumikiza kwa bambo wina wa ku ofesi yolemba ntchito. Rozi atatchula dzina la mayi uja, bamboyo anapuma mozama.

"Pepani, chemwali. Dzinalo ndi la bwana wathu weniweni, chithunzicho nchawonso, koma tsambalo si lawo. Sabata ino ndinu wachisanu kuimba. Ife ntchito timalengeza m'nyuzipepala ndi pa tsamba la kampani, munthu timakumana naye, ndipo sitilipiritsa kanthu. Mwatumiza chiyani?"

"CV yokha."

"Chiphaso musatumize, angakatengere ngongole kapena kulembetsa layini m'dzina lanu. Jambulani mauthenga onsewo mutitumizire."

Atangodula, foni inalira kawiri. Uthenga woyamba unali wa manambala asanu ndi imodzi. Wachiwiri unali wa mayi wa suti uja: takutumizirani nambala yolembetsera ntchito, tipatseni msanga. Rozi anawerenga woyambawo mpaka kumapeto, ndipo unkanena wokha kuti nambalayi musauze munthu.

"Iyi ndi ya WhatsApp yanga," anatero motsitsa mawu. "Ndikanawapatsa akanailanda, nkuyamba kupempha anthu ndalama ngati ndine."

Ine ndinati andipatse foniyo ndimutukwane mayiyo m'Chilomwe. Anakana, akuti ukawayankha amangosintha nyimbo. Anajambula zonse, anachita lipoti tsambalo, analitsekera kuti lisamupezenso, ndipo pa WhatsApp anaika nambala yachinsinsi yachiwiri. Apa mpamene anaona zimene chimwemwe chinamubisira: tsamba la mayiyo linali la miyezi iwiri, zithunzi zitatu zokha, ndipo imelo yake inali ya wamba, yopanda dzina la kampani kumapeto.

Tikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anyamata a kabaza aja anali atagwira kale ntchito yawo. Mayi Eliza anatsika minibasi nkhani ili m'khutu, ndipo analowa mu shopu osatipatsa moni.

"Rozi, ndamva kuti Lachisanu ukupita. Ndimve kwa a kabaza, ine? Palibe vuto. Mwana wa mchemwali wanga ayamba mawa, umuonetse mashelefu."

Ine ndinayang'ana padenga. A Kefasi ndi amene anavula chipewa.

"Mayi, kalata mwalandira?"

"Sindinalandire."

"Ndiye palibe wasiya ntchito. Mwanayu amafuna kuberedwa, ndipo wazigwira yekha ndi paketi ya mu shopu yanu yomwe ino. Amene wasiya ntchito ndi mdala uyu, anasiya kalekale ya kutseka pakamwa."

Rozi sanabisale kumbuyo kwawo. Anatulutsa kalata ija m'chikwama nkuiika pa kauntala pamodzi ndi foni.

"Ndinailembadi, mayi. Ndinalakwa kusakuuzani. Werengani zonse, kenako muchite mmene mwaonera."

Mayi Eliza anawerenga mauthenga aja ali chiimire, nthawi yaitali ndithu, moti kasitomala wina wofuna mankhwala a anankafumbwe anatopa nkutuluka. Atafika pa njinga yamoto anafwenthera.

"Kuwirikiza kanayi. Nanenso ndikanapita." Anamubwezera foni. Kalata ija anaipinda nkumubwezeranso. "Ntchito uzifuna, sindikuletsa, unaphunzira. Koma ikadzapezeka yeniyeni ndidzamve kwa iwe. Pita ukatsitse katundu pa siteji, matumba khumi ndi awiri."

Sabata yotsatira tsamba lomwe lija linatulukiranso ndi dzina lina, likulembera mnzake wa Rozi wa kwa mfumu Zulu. Mnzakeyo anali atamva kale, poti Rozi anatumiza zithunzi zija ku gulu la anzake a ku koleji.

Lamulungu ndinawatengera a Kefasi tambala, wamkulu ndithu, ngakhale anali wotsimphina pang'ono. Kuthokoza munthu amene wakhala ukumutonza zaka makumi anayi nkovuta. Ndinangoti, "A Kapitawo, mwandisungira mwana." Iwo anamukweza tambalayo m'mwamba, anamuyang'ana miyendo, nkufunsa ngati anagundidwa ndi kabaza.

Rozi akadali kwa mayi Eliza, amatsegula shopu 7 koloko. Mwezi watha anafunsira ntchito ina imene anaiona m'nyuzipepala, ndipo anauza mayi Eliza ndi a Kefasi tsiku lomwelo. Ine ndinamva patapita masabata atatu.