Khomo lomaliza la gemu ya achimwene

Gemu ya pa TV ija tinaisewera ubwana wathu wonse osaimaliza. Makina ake bambo anapatsidwa ndi mlendo wina ku hotela ya ku Makokola, komwe ankagwira ntchito, koma kakhadi kosungira pomwe wafika panalibe. Magetsi akangothima, basi, kuyambiranso. Makinawo anafa kalekale, koma chimbale chake achimwene anga anachisunga m'Baibulo ngati kalata ya ubatizo.

Usipa utawagwiritsa fuwa la moto, achimwene anaganiza zopita ku Joni. Ine ndinalumbira kuti basi ya Loweruka sakwera tisanaone mathero a gemuyo.

Lachinayi m'mawa ndinaika emuleta pa laputopu yanga, pulogalamu yomwe imachititsa kompyuta kukhala ngati makina akale aja. Ndinakopera chimbale chija kukhala fayilo, n'kuitsegula. Kanyimbo koyambira katalira, achimwene, bambo wa ana atatu, anadumpha mpaka kugwetsa mpando. Nanenso ndinakuwa, ndisaname.

Padi, kachipangizo ka mabatani koseweretsa gemu, ndinagula pamsika wa Mangochi, ndipo panafunika kuuza emuleta ntchito ya batani lililonse. Pulogalamu inkafunsa limodzilimodzi, achimwene n'kumadina atatsinzina, ati zala zikumbuke zokha. Mabatani awiri akumsana, omwe gemuyo siigwiritsa ntchito, ndinawapatsa udindo watsopano: lakumanzere kujambula gemu pomwe ili, lakumanja kubwezera pomwe unajambulapo. Kuwayandikizitsa chonchi kunali kupusa kwanga. Ndinaiwala kuti zala zokoka ukonde wa chilimira sizidziwa kunyengerera.

Mmene nthawi imati 3 koloko masana a Lachisanu, tinali titadutsa mlatho womwe unkatiliza tili ana. Kutsogolo pang'ono achimwene anaphonya podumpha, ndipo m'malo mobwezera anadina lakumanzere. Emuleta inajambula munthu wawo ali m'malere, akugwera m'phompho ndi moyo womaliza, n'kufufuta chosunga chakale. Tikabwezera, ankagwanso. Tinayesa kasanu, achimwene thukuta kamukamu.

Ndinawasiya avutike kaye, poti nawonso ankandimana padi ndili mwana. Kenako ndinaulula kuti malo osungira alipo angapo, ndipo atapita kukamwa madzi ndinali nditajambula mlatho uja pa malo achiwiri. Anandinyamula juu ngati thumba la utaka.

Pasanathe ola tinafika pa khomo lomaliza, lofiira, lomwe tinkangolimva kwa anzathu abodza. Ndinawauza kuti alowe msanga magetsi asanatichite chipongwe.

Iwo anandifunsa ngati malo achitatu ali opanda kanthu. Nditavomera n'kuwasankhira, anadina lakumanzere, mosamala ulendo uno, n'kuika padi patebulo.

“Chemwali, pachitatupa musakhudzepo. Tidzalowa limodzi ndikabwera.”

Ndinakwiya, ndinawanena, kenako ndinalira. Fayilo ya malo achitatuwo ndinaikopera pa mafulashi awiri, ndipo imodzi ili m'Baibulo muja, pamodzi ndi chimbale.