Theka la Dzira la Asisi

Aliyense ankawatchula kuti Asisi, ngakhale mwini nyumba imene ankachita lendi, munthu wamkulu wa imvi mutu wonse. Mayi awo atamwalira, Asisi anasiya sukulu n'kulowa m'khitchini, ndipo sanatulukemonso. Bambo anali dalaivala wa lole, munthu wobwera kunyumba kudzasintha malaya basi. M'nyumbamo munali pakamwa khumi ndi pawiri: azing'ono ndi alongo awo asanu ndi awiri, ana a malume atatu amene anabwera kudzacheza n'kuiwala njira yobwerera, bambowo, ndi iwo eni, amene ankadya ataimirira.

Lamlungu lililonse ankaphika keke m'thileyi yaikulu yachitsulo, yakuda m'makona. Mazira asanu ndi limodzi, makapu anayi a fulawa, makapu awiri a shuga. Lamulo lawo linali losavuta: theka la dzira pa munthu, kapu ya fulawa pa anthu atatu. Amuna awiri anabwerapo kudzawafunsira. Woyamba anawerenga nsapato zimene zinali pakhomo n'kutsanzika. Wachiwiri anadikira ndithu, koma kudikira kuli ndi malire, anakwatira mnzawo wa Asisi wa kukwaya.

Anawo anakula n'kumachoka mmodzimmodzi, aliyense ndi sutikesi yake ndi mawu okoma. "Asisi, ine ndikangokhazikika, mudzapuma." Anakhazikika onse. Wina ali ndi galimoto ziwiri, wina amalankhula ndi mlongo wake ngati akuyankha foni ya ku ofesi. Amati chibale ndi fupa sichiola. Zoona, sichiola, koma fupa salidya.

Bambo atamwalira, Asisi anatsala ndi Mzime, mwana womaliza, amene anamulera kuyambira ali wa thewera. Thileyi sinachepe. Asisi ankaphikabe ya anthu khumi ndi awiri, n'kumagawira oyandikana nawo, chifukwa manja awo sankadziwa muyeso wina.

Tsono Mzime anakwatira namwino wa pachipatala cha mano, mtsikana waulemu, woyankhula motsitsa. Kuntchito kwa mtsikanayo anamupatsa fulati ya zipinda ziwiri, ndipo mwini nyumba anali atapeza kale anthu ena olowa m'nyumba yakaleyo mwezi ukatha. Mzime ankangoti "tikasamuka," "tikakafika uko." Asisi sanafunse kuti "ti" ameneyu muli ndani. Ankaopa kufunsa, chifukwa kwina kopita analibe. Chimene anagwira m'nkhani zonsezo n'chakuti uvuni wa ku fulatiko ndi waung'ono, thileyi yawo siingalowemo.

Ndiye anaganiza zodzichepetsa. Munthu wokhala m'nyumba ya eni asamadzaze malo, asamawononge zinthu. Anayamba kuphunzira keke ya anthu atatu masana, awiriwo ali kuntchito, ngati mwana wobisa homuweki.

Ulendo woyamba anachepetsa zonse bwinobwino koma n'kuthira m'thileyi yomwe ija. Phalalo linangoyala pansi ngati utoto, ndipo chimene chinatuluka mu uvuni chinali chouma, chopserera m'mbali, chakuti ukhoza kukhomera nacho nsapato. Ulendo wachiwiri anatenga kathini kakang'ono kwambiri. Keke inafufuma n'kusefukira, kunja itapsa, m'kati muli phala, ndipo anakolopa uvuni akutukwana chamumtima. Ulendo wachitatu m'pamene nzeru inabwera. Anathira madzi m'thileyi yaikulu mpaka pamene phala limalekeza masiku onse, akuwerenga makapu. Anagawa makapuwo panayi, n'kumathira gawo limodzi m'mathini osiyanasiyana, kufuna thini imene madziwo afike msinkhu womwewo, cha pakati pa thiniyo. Anaipeza kwa mayi wogulitsa ziwiya zakale: yozungulira, yotakata ngati chikhatho chotambasula. Keke yake inatuluka yofewa, yamtundu wabwino. Anaidya okha, ndipo thiniyo anaikulunga m'nyuzipepala n'kuilongedza pamwamba pa zovala zawo.

Loweruka lomaliza m'nyumbamo munali makatoni okhaokha. Makatani anali atachotsedwa, mawu ankamveka ngati m'tchalitchi chopanda anthu. Mzime anali pabalaza akumata makatoni ndi tepi. Mlamu analowa m'khitchini atanyamula mathini atatu atsopano olowetsana, mitengo yake isanamatulidwe.

"Alamu, ndiphunzitseni keke ija," anatero. "Achimwene anuwa akuti sangakhale Lamlungu popanda iyo. Koma yaing'ono."

Asisi anakondwa. Anapukuta manja mofulumira.

"Wabwera pa nthawi yake, mlamu. Khala apa uone. Zonse umachepetsa mofanana, osati fulawa yekha. Kapu imodzi ya fulawa, theka la kapu la shuga, kasupuni kamodzi ka bekingi paudala, majarini ndi mkaka chimodzimodzi, gawo limodzi mwa anayi. Moto wa uvuni usachepetse ayi, ndi womwewo. Chimachepa ndi nthawi. Uziyamba kuisuzumira msanga, ubaye ndi mpeni pakati, ukatuluka woyera yapsa."

"Nanga thini? Ndagula atatu, sindikudziwa yoyenera."

Asisi anamuonetsa za madzi zija, ndipo thini yaikulu mwa atatuwo ndi imene inagwirizana ndi yawo ija. Anali kuyankhula mothamanga, mosangalala, ngati mphunzitsi amene wapeza kalasi.

"Tsopano dzira. Apa m'pamene anthu amapusa. Pakufunika dzira limodzi ndi theka. Sungalidule ndi mpeni, ndiponso usanene kuti nditenge zachikasuzo ndisiye zoyerazo, keke imakana. Umaswera m'kapu, n'kulimenya ndi foloko mpaka zoyera ndi zachikasu zisasiyanenso. Ukatero umayeza ndi supuni yaikulu. Dzira ngati ili limatulutsa masupuni atatu ndi kadontho. Theka lake ndi supuni imodzi ndi theka, kuwonjezako pang'ono."

Anamenya dziralo, n'kuyeza, n'kuthira theka m'kapu ina. Makapu awiri anakhala pathebulo, ofanana ndendende. Mlamu anawayang'ana, kenaka anayang'ana pansi.

"Alamu, paja munati theka la dzira pa munthu?"

"Eya."

"Ndiye... anthu awiri si dzira limodzi lathunthu?"

Foloko inali idakali m'dzanja la Asisi. Pabalaza, kulira kwa tepi kunasiya.

"Awiri," anatero Asisi.

"Ndimayesa akuuzani." Mawu a mlamu anachepa. "Anandiuza kuti akuuzani."

"Iwe Mzime! Tabwera kuno."

Anabwera akukoka mapazi, tepi ili padzanja ngati chibangili, bambo wandevu zake, koma nkhope ili ija ankabwera nayo akakodza pogona. Anaima pakhomo la khitchini osalowa.

"Asisi, ndimafuna ndikuuzeni bwinobwino, titakhala pansi."

"Mipando mwamanga kale. Nena uli chiimire."

"Chipinda chinacho ndi chaching'ono, Asisi. Komanso mlamu wanuyu ndi woyembekezera, ndiye pafunika malo a mwana. Tinakambirana tonse, achimwene ndi ena onse. Takupezerani chipinda chabwino, kuseri kwa shopu ya telala uja. Chili ndi sinki yake. Mukapuma, Asisi. Mwatopa nafe."

Anakambirana onse. Anthu asanu ndi awiri amene sanathe kugwirizana ngakhale za tsiku loika mwala pamanda a bambo awo, pa nkhani iyi anamvana msanga. Ndipo za mimbayo Asisi anazimva motero, pakhomo la khitchini, ngati chifukwa chowachotsera. Zinawawawa kuposa chipindacho. Anali atalera ana khumi osabereka ndi mmodzi yemwe, ndipo wa khumi ndi mmodziyo ndi amene anawalanda bedi asanabadwe.

Sanalire. Ukali wawo unali wozizira, wa munthu amene wazindikira kuti anadziphunzitsa yekha kuchepa, koma sanachepe mokwanira.

"Chabwino," anatero. "Mlamu, bweza thini yaikuluyo. Tenga yapakatiyo. Ya anthu awiri ndi magawo awiri mwa atatu a kapu ya fulawa, shuga gawo limodzi mwa atatu, dzira limodzi. Uli ndi mwayi, za masupunizi sudzavutika nazo. Ungoswa n'kuthira."

"Alamu, tisiye kaye, mwina tsiku lina..."

"Tsiku lina liti? Swa dziralo."

Mlamu anaswa dzira latsopano, kachigoba kanagwera m'mbale ndipo Asisi anakavuula ndi chigoba chinzake. Anamuyang'anira posakaniza, popaka majarini m'thini, pothira phala mpaka pakati. Anamuphunzitsa zonse molondola, osabisa kalikonse. Ena akanachepetsa dala bekingi paudala kuti mtsikanayo akachite manyazi ku fulati kwake. Asisi zimenezo sankazitha, ndipo mwina n'chifukwa chake anafika pamene anafikapo.

Keke ili mu uvuni, Mzime anayesa kukonza zinthu, monga amachitira anthu amene aswa mbale ya eni. Anatenga kathini kotsala kaja, kakang'ono ngati kapu ya tiyi yaikulu, n'kukaika patsogolo pa mlongo wake.

"Aka ndi kanu, Asisi. Tinakugulirani dala. Muzidziphikira kanu komweko."

Asisi anakatembenuza, n'kukayang'ana m'kati. Sanafunikenso madzi. Diso linawauza kuti ndi ka gawo limodzi mwa atatu la kapu ya fulawa ndi theka la dzira, munthu mmodzi osaposa. Anagula bwino. Tsono kanagulidwa liti, ngati za chipindazo ankadikira kukhala pansi?

Anakoka kapu imodzi ya dzira lomenya lija, napima fulawa wake, nasakaniza kakeke kawo m'mbale ya supu. Supuni inkagunda m'mbali mwa mbale chifukwa munalibe chogwira. Anakalowetsa mu uvuni pambali pa inayo. Pathebulo panatsala kapu yachiwiri.

"Nanga theka linalo mumatani nalo?" anafunsa mlamu, kungofuna kuti m'khitchinimo mumveke mawu.

"Umavundikira n'kuika mu fuliji. Limakhala mpaka mawa kapena mkuja, osapitirira apo. Panja silichedwa kuwonongeka."

Mlamu anayang'ana mwamuna wake. Mzime anayang'ana fuliji, imene inali itazimitsidwa kale, chitseko chake chitamatidwa ndi tepi mopingasa.

"Fulijiyi tikutenga ife, Asisi," anatero motsitsa. "Kuchipinda kuja singakwaneko."

Asisi anagwedeza mutu. Ananyamula kapu ija, napita nayo pa sinki, natsegula mpopi. Chiyambireni kuphika anali asanatayepo chakudya chabwino, ngakhale nyenyeswa. Anapendeketsa kapuyo pang'onopang'ono, ndipo awiriwo anaima kuonerera dziralo likutsetsereka ndi madzi.